Kuchoka pa Pensulo Kufika pa Chithunzi: Nyumba Isasinthe Msinkhu M'njira

Masiku ano munthu akhoza kujambula nyumba ndi pensulo papepala, n'kulowetsa chojambulacho mu kompyuta, ndipo posakhalitsa n'kulandira chithunzi chooneka ngati chotoledwa ndi kamera. Malata amakhala akunyezimira, mthunzi wa khonde utagwera pakhoma, kapinga atamera pabwalo. Anthu olemba mapulani a nyumba amachitcha renda chithunzi chotere. Chimakopa maso mwamsanga, ndipo mwini nyumba akachiona mtima umakhala pansi. Koma mukatenga lula n'kuyeza, kawirikawiri mumapeza kuti nyumba ili pachithunziyo si ija inali papepala. Denga lakwera, chitseko chaonda, mawindo awiri asanduka atatu.

Kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Munthu amene wavomereza chithunzi cha denga lalitali adzafuna denga lomwelo tsiku lomanga, ndipo malata ndi matabwa ake adzakhala ochuluka kuposa amene anawerengedwa. Choncho luso lenileni pantchitoyi silili pokongoletsa chithunzi ayi, chifukwa kukongoletsako makina amachita okha. Luso lili poonetsetsa kuti mulitali, mulifupi ndi msinkhu wa nyumba zikhale zogwirizana monga zinalili poyamba. Miyezo imatayika pamalo odziwika bwino, ndipo paliponse pamene imatayikira pali njira yoitetezera.

Makina sadziwa mita

Pali njira ziwiri zopangira renda. Njira yakale ndi yomanga nyumbayo mkati mwa kompyuta, khoma ndi khoma, pogwiritsa ntchito mapulogalamu monga SketchUp kapena Blender, kenako n'kuika kuwala ndi kamera. Pa njira imeneyi khoma la mamita 3 limakhala la mamita 3 mpaka mapeto, chifukwa nambalayo mwalemba nokha. Vuto lake n'lakuti imadya nthawi ndipo imafuna kuphunzira.

Njira yatsopano ndi ya mapulogalamu ophunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri, monga Stable Diffusion imene inatuluka mu Ogasiti 2022. Pulogalamu yotere simanga nyumba. Imayamba ndi chithunzi chodzaza timadontho tosokonekera, n'kumatichotsa pang'onopang'ono mpaka patatuluka chinthu chofanana ndi zithunzi zimene inaphunzira. Ili ngati telala amene waona zovala zosawerengeka koma alibe tepi yoyezera: akusokerani malaya okongola, koma pa msinkhu umene iye wazolowera kuona. Mukalemba m'mawu kuti nyumbayo ndi ya mamita 12, nambalayo singamange manja pulogalamuyo, chifukwa iyo imagwira ntchito ndi maonekedwe osati miyezo.

Mu Febuluwale 2023, akatswiri a pa yunivesite ya Stanford, Lvmin Zhang, Anyi Rao ndi Maneesh Agrawala, anatulutsa chida chotchedwa ControlNet. Chidachi chimalola kuti mupereke chojambula cha mizere, ndipo pulogalamu imakakamizika kutsata mizereyo pamene ikupanga chithunzi. Apa ndi pamene chojambula cha pensulo chinayamba kukhala ndi mphamvu. Komabe ControlNet imatsata mizere imene yapatsidwa basi. Mzere ukakhala wokhota, khoma lidzakhota. Mizere ikakhala itatu pamalo amodzi, pulogalamu idzasankha yokha umodzi, kapena idzasandutsa yonse itatu kukhala masitepe.

Konzani chojambula musanayatse kompyuta

Tiyeni titenge nyumba imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Ndi nyumba yosasanja, yoonedwa chakumaso. Mulitali mwake ndi mamita 12, ndipo khoma lake kuchokera pansi kufika pamene denga layambira ndi mamita 3. Denga limakwera mita 1.5 pa mtunda wopingasa wa mamita 4. Pakati pali chitseko cha mita 0.9 mulifupi ndi mamita 2.1 msinkhu, uku ndi uku kuli windo la mita 1.5 mulifupi, ndipo pakhonde pali nsanamira zinayi.

Chojambula choyamba cha nyumba yotere chimakhala cha dzanja lothamanga. Mizere imabwerezedwa, ngodya zimapitirirana, ndipo windo lina limakula kuposa linzake. Palibe cholakwika pamenepo, chifukwa ntchito ya chojambula choyamba ndi kugwira ganizo lisanathawe. Koma musanapite patsogolo muyenera kusankha kuti choona n'chiti pakati pa mizere ija. Ikani pepala loonekera mkati pamwamba pa chojambulacho, kapena gwirizitsani mapepala awiri pagalasi la windo masana, ndipo mujambulenso ndi lula ndi cholembera chakuda, mzere umodzi pa m'mphepete uliwonse.

Pojambulanso muzigwiritsa ntchito muyezo umodzi. Ngati masentimita 2 papepala akuimira mita imodzi, nyumba yathu itenga masentimita 24 mulitali, khoma masentimita 6, denga masentimita 3, ndipo chitseko chikhala sentimita 1.8 kwa masentimita 4.2. Lembani pambali manambala awiri amene mudzayezere ntchito yonse. Yoyamba: mulitali mwa nyumba muyenera kulowa msinkhu wa khoma kanayi. Yachiwiri: msinkhu wa chitseko uyenera kukhala mulifupi mwake kawiri ndi kagawo kamodzi mwa magawo atatu. Manambala awiriwa sasintha ngakhale chithunzi chikule kapena chichepe.

Zinthu ziwiri musaziike papepala loyerali. Musadetse mithunzi ndi pensulo, chifukwa timizere ta mthunzi pulogalamu imatiwerenga ngati matabwa kapena zitsulo. Musalembenso manambala kapena mawu mkati mwa chojambula, chifukwa amadzatuluka ngati ming'alu kapena zolembalemba pakhoma. Pomaliza, zungulirani nyumbayo ndi bokosi la masentimita 27 kwa 18, limene limakwana bwino papepala la A4. Bokosi limeneli lidzagwira ntchito yaikulu kutsogoloku.

Pamene miyezo imatayika munthu osazindikira

Malo oyamba ndi potola chithunzi cha pepalalo. Anthu ambiri amaika pepala patebulo n'kulitola ndi foni atakhala pampando. Foni ikapendekeka, mbali ya pepala imene ili pafupi imakula ndipo ya kutali imachepa, motero makoma amene anali oongoka amayamba kuwerama. Makina a sikana alibe vuto limeneli. Ngati mulibe sikana, ikani pepala pansi pamalo owala koma opanda dzuwa lachindunji, imirirani, gwirani foni mofanana ndi pepala, ndipo mutalikire pang'ono m'malo moyandikira kwambiri. Mukatero yezani bokosi lija pachithunzi. Mzere wa pamwamba ufanane ndi wa pansi, wa kumanzere ufanane ndi wa kumanja, ndipo mulitali mukhale msinkhu kamodzi ndi theka. Ngati sizili choncho, pulogalamu yaulere ya GIMP ili ndi chida chotchedwa Perspective chokokera ngodya zinayizo m'malo mwake.

Malo achiwiri ndi amene amapweteka anthu ambiri. Mapulogalamu a zithunzi amakonda kuyamba ndi chithunzi chofanana mbali zonse. Stable Diffusion 1.5 inaphunzitsidwa pa mapikiselo 512 kwa 512, ndipo SDXL, imene inabwera mu 2023, pa 1024 kwa 1024. Mukalowetsa bokosi lathu la 27 kwa 18 n'kusiya pulogalamu ilifinyire m'chithunzi chofanana mbali zonse, mulitali mumachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi msinkhu. Nyumba imene mulitali mwake munkalowa khoma kanayi tsopano mulowa kosakwana katatu. Chitseko chimene msinkhu wake unali mulifupi kawiri ndi pang'ono chikhala katatu ndi theka. Chithunzicho chimaonekabe chokongola, ndipo n'chifukwa chake cholakwikachi chimadutsa osaonedwa.

Mankhwala ake ndi kusankha kukula kwa chithunzi kogwirizana ndi bokosi lanu. Mapikiselo 1152 kwa 768 ali ndi mgwirizano womwewo wa 27 kwa 18. Pa kukula kumeneku nyumba yathu iyenera kutenga mapikiselo 1024 mulitali, khoma 256, denga 128, ndipo chitseko pafupifupi 77 kwa 179. Pikiselo imodzi ikuimira sentimita imodzi ndi pang'ono ya nyumba yeniyeni. Mu pulogalamu yodziwika ya AUTOMATIC1111 muli zosankha zingapo za kasinthidwe ka kukula. Chimene chalembedwa kuti Just Resize ndi chimene chimafinya. Zinazo, Crop and Resize ndi Resize and Fill, zimadula kapena kuwonjezera m'mbali koma sizisintha maonekedwe a nyumba.

Kumanga manja a pulogalamu

Mukangopereka chojambula cha pensulo popanda ControlNet, mumakhala ndi chowongolera chimodzi, Denoising strength, chimene chimayambira pa 0 kufika pa 1. Mukachiika pansi, monga pa 0.3, chithunzi chimatsalabe cha pensulo. Mukachikweza kufika pa 0.8, chithunzi chimaoneka chenicheni koma nyumba imakhala ina. Pakati pake mumapeza chinthu chosakhala pensulo komanso chosakhala nyumba yanu. Palibe nambala imene imapereka zonse ziwiri, ndipo kusakasaka nambalayo n'kutaya nthawi.

ControlNet imalekanitsa ntchito ziwirizi. Mizere imalamula maonekedwe, mawu amalamula zomangira ndi kuwala. Ili ndi mitundu ingapo. Scribble imatenga chojambula ngati ganizo chabe, choncho imapatsa pulogalamu ufulu wambiri. Lineart ndi Canny zimamatirira pamizere. MLSD imaona mizere yoongoka yokha, motero ndi yabwino pa makoma ndi madenga koma imaphonya zinthu zokhota monga khomo lozungulira pamwamba. Kwa nyumba yathu, poyambira pabwino ndi apa:

```
Width: 1152   Height: 768
Control Type: Lineart
Control Weight: 1.0
Ending Control Step: 1.0
Resize Mode: Crop and Resize
```

Control Weight ikatsika kwambiri, denga limayamba kusuntha ndipo mawindo amachulukana. Ikakwera kupitirira muyezo, mizere yakuda imaonekera m'mphepete mwa makoma ndipo chithunzi chimauma ngati katuni. Maonekedwe aakulu a nyumba amakhazikika m'masitepe oyambirira a ntchitoyo, choncho ngati mizere yakuda ikuvuta ndi bwino kutsitsa Ending Control Step kufika cha pa 0.8 kusiyana ndi kuchepetsa mphamvu kuyambira pachiyambi.

Mawu olamula amalembedwa m'Chingerezi chifukwa ndicho chilankhulo chimene mapulogalamuwa anaphunzira kwambiri. Atchule zomangira ndi mtundu wa nyumba momveka:

```
photo of a single-storey house, brick walls,
low-pitch corrugated iron roof, front veranda
with four posts, eye-level view, morning light
```

Mawu akuti single-storey ndi low-pitch ndi ofunika. Zithunzi zambiri za nyumba zimene mapulogalamuwa anaphunzira ndi za ku Ulaya ndi ku Amereka, kumene madenga otsetsereka kwambiri ndi nyumba zosanja n'zofala. Mukasiya mpata, pulogalamu imakokera kumeneko. Pa nyumba yathu, denga lokwera mita 1.5 pa mamita 4 limafuna lata lotalika pafupifupi mamita 4.3. Pulogalamu ikalikweza kufika mamita 2.5, lata liyenera kukhala la mamita 4.7. Kumeneko ndi kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi pa malata onse, osawerengera matabwa ndi njerwa za m'mbali.

Chifukwa chimene tinthu ting'onoting'ono timasokonekera

Ngakhale zonse zitakonzedwa bwino, zitsulo za m'mawindo, zogwirira zitseko ndi mizere ya njerwa zimatuluka zokhotakhota. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka pulogalamuyo. Stable Diffusion sigwira ntchito pa chithunzi chonse monga tikuchionera. Imachichepetsa kasanu n'katatu mbali iliyonse, n'kugwira ntchito pa chochepacho, kenako n'kuchikulitsanso. Chithunzi chathu cha 1152 kwa 768 kwa iyo ndi timabokosi 144 kwa 96. Chitseko chonse chimatenga timabokosi pafupifupi khumi mulifupi. Felemu ya windo ya masentimita 5 imatenga mapikiselo anayi okha, theka la kabokosi kamodzi. Chinthu chochepa chotero pulogalamu imangochipeka.

Choncho musalimbane ndi tinthu timeneti pachithunzi choyamba. Pezani kaye chithunzi chimene makoma, denga ndi makomo zili m'malo mwake, ndipo musunge nambala yake ya Seed kuti muthe kuchibwereza. Kenako gwiritsani ntchito Inpaint, chida chokonzera malo amodzi okha, mutasankha Only masked, kuti windo limodzilo lipatsidwe timabokosi tambiri. Pokulitsa chithunzi chonse kumapeto, Denoising strength ikhale pansi, cha pa 0.2 kapena 0.3, apo ayi pulogalamu iyambanso kumanga nyumba yake.

Nyumba yoonedwa chapangodya

Zonsezi n'zosavuta pamene nyumba ikuonedwa chakumaso. Koma zojambula zambiri zimaonetsa nyumba chapangodya, makoma awiri akuoneka nthawi imodzi. Apa lula yokha sithandiza, chifukwa mbali ya kutali imayenera kuoneka yaing'ono. Malamulo a kajambulidwe kameneka anakhazikitsidwa ku Florence m'dziko la Italy, kumene Filippo Brunelleschi anawaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400 ndipo Leon Battista Alberti anawalemba m'buku mu 1435. Mpaka lero kamera ndi kompyuta zimatsata malamulo omwewo.

Lamulo loyamba n'lakuti mizere yonse yopingasa ya khoma limodzi, kuyambira wa pansi, wa pamwamba pa mawindo, mpaka wa m'mphepete mwa denga, mukaitalikitsa iyenera kukumana pamalo amodzi. Khoma lachiwiri lili ndi pokumanira pake mbali inayo. Malo awiriwa amakhala pamzere umodzi wopingasa, umene ndi msinkhu wa diso la woonayo, pafupifupi mita 1.6 kuchokera pansi. Pa chitseko cha mamita 2.1, mzere wa disowo umadutsa cha pa magawo atatu mwa anayi a msinkhu wake. Lamulo lina lothandiza ndi lopezera pakati pa khoma: lumikizani ngodya zake zinayi ndi mizere iwiri yodutsana, ndipo pamene yakumana ndi pakati penipeni. Pamenepa pamakhala chakutali pang'ono kuposa pamene lula ingaloze.

Dzanja la munthu silitsata malamulowa ndendende, ndipo chojambula chothamanga chimakhala ndi mizere yosakumana. Pulogalamu ikapatsidwa chotere imatulutsa nyumba yopotoka, kapena imawongola yokha posintha miyezo. Njira yodalirika ndi kuika sitepe imodzi pakati. Mangani mabokosi osavuta mu SketchUp kapena Blender: bokosi la mamita 12 kwa 8 kwa 3, denga pamwamba, ndi mabowo a zitseko ndi mawindo. Palibe chifukwa choika utoto kapena njerwa. Kenako gwirizanitsani kamera ndi chojambula chanu. SketchUp ili ndi chida cha Match Photo, ndipo ogwiritsa ntchito Blender ali ndi kapulogalamu kaulere ka fSpy, kamene kamawerengera malo a kamera kuchokera pa mizere imene mwailozera. Kamerayo ikhale pa msinkhu wa diso, yosaweramira m'mwamba kuti makoma akhale chilili, ndipo galasi lake likhale la mamilimita 35 kapena 50. Galasi lotambalala kwambiri limakokomeza ngodya yapafupi n'kuchititsa nyumba yaing'ono kuoneka ngati holo.

Kuchokera pa mabokosiwa mumatulutsa zithunzi ziwiri. China ndi cha mizere yoyera bwino. China ndi chosonyeza kutalikirana, chimene zinthu zapafupi zimayera ndipo zakutali zimada, chimene ControlNet imachilandira pa dzina lakuti Depth. Chachiwirichi chimauza pulogalamu zimene mizere singanene, monga zakuti khonde lalowa mkati ndipo nsanamira zili kutsogolo kwa khoma. Ziwirizi zikagwira ntchito limodzi, mpata wopeka umachepa kwambiri.

Kuyeza chimene chatuluka

Maso okha si mboni yokwanira, chifukwa chithunzi chokongola chimawanyengerera. Tsegulani renda mu GIMP kapena Photoshop, ikani chojambula cha mizere pamwamba pake, ndipo muchipepukitse kufika pa theka kuti zonse ziwiri zioneke. Yang'anani ngodya zinayi za khoma, msonga ya denga, ndi pamwamba pa chitseko. Pa nyumba yathu, mzere umene wasuntha ndi mapikiselo 8 wasuntha ndi pafupifupi masentimita 10 pa nyumba yeniyeni. Kupitirira pamenepo, konzani kapena yambiraninso. Bwererani ku manambala awiri aja: mulitali mukulowabe khoma kanayi? Chitseko chikadali 77 kwa 179?

Kenako werengani. Mawindo alipo awiri, nsanamira zinayi, ndipo pamwamba pa mawindo pali pamzere umodzi ndi pamwamba pa chitseko? Werenganinso mizere ya njerwa, chifukwa imatha kunamiza msinkhu ngakhale makoma ali m'malo mwake. Njerwa ya mamilimita 65 pamodzi ndi matope a mamilimita 10 imapereka mizere 28 kufika pamwamba pa chitseko, ndi mizere 40 pa khoma la mamita 3. Pulogalamu ikaika mizere 70, nyumba imaoneka ngati chimphona. Ikaika 20, imaoneka ngati kanyumba ka mlonda. Anthu amene aikidwa pachithunzi nawonso ndi muyezo. Ngati kamera ili pa msinkhu wa diso ndipo bwalo ndi lathyathyathya, mitu ya akuluakulu onse oimirira iyenera kukhala pafupi ndi mzere wa diso uja, kaya ali pafupi kaya ali patali.

Malire a chithunzi

Renda imene yapambana mayeso onsewa imanena zoona za mbali imodzi ya nyumba, kuchokera pamalo amodzi. Mukapempha pulogalamu chithunzi cha kumbuyo popanda mabokosi aja, idzapeka nyumba ina. Sidziwanso ngati nsanamira zinayizo zingasenze denga, kapena ngati madzi a mvula adzatsika bwino pa denga lotsetsereka pang'ono. Khonsolo povomereza ntchito yomanga imafuna mapulani okhala ndi miyezo, ndipo mmisiri amamanga potsata manambala.

Chifukwa cha ichi, popereka renda kwa mwini nyumba kapena kwa mmisiri, iperekeni pamodzi ndi chojambula cha mizere chija, miyezo yake italembedwa m'mbali. Nenani poyera kuti mtundu wa utoto, mitengo ndi kapinga ndi zongoyerekeza, koma mulitali, msinkhu wa khoma, kutsetsereka kwa denga ndi malo a makomo zayezedwa ndipo zikugwirizana ndi pepala. Munthu akamavomereza chithunzi chotere amakhala akuvomereza nyumba imene ndalama zake zidzamangedi.